Amakweza ndani mtengo wa masheya?

Mtengo wa petulo ukakwera timadziwa wolozera chala, chifukwa bungwe la MERA limachita kulengeza. Mitengo yoyambira kugulira mbewu amatulutsa ndi a unduna wa zamalimidwe. N'chifukwa chake malume anga, amene anagula masheya a Airtel Malawi pamene kampaniyi inkalowa pamsika mu February 2020, anandifunsa tsiku lina akuyang'ana tsamba la zamalonda m'nyuzipepala kuti, "Kodi mphwanga, amene amakhala pansi n'kulemba mitengo imeneyi ndani? Ndi a kampani kapena a boma?"

Palibe amene amakhala pansi n'kulemba. Nambala imene malume ankayang'anayo imachokera pa malonda amene anthu awiri osadziwana anagwirizana, wina kugulitsa wina kugula, ndipo mawa anthu ena awiri akhoza kugwirizana pa mtengo wina.

Sheya ndi kachigawo ka umwini wa kampani. Airtel Malawi inagawidwa m'masheya 11 biliyoni, ndipo mu 2020 inagulitsa kwa anthu 2.2 biliyoni mwa amenewa pa K12.69 iliyonse. Chaka chomwecho banki ya FDH inalowa pamsika pa K10 sheya imodzi. Apa ndiye pokhapo pamene eni kampani ndi alangizi awo amakhala pansi n'kuika mtengo. Tsiku loyamba la malonda likangofika, mtengo uja wawachoka m'manja. Malume akafuna kugulitsa masheya awo lero sabwezera kwa Airtel, amagulitsa kwa munthu wina amene akuwafuna, ndipo kampaniyo silandirapo ngakhale tambala.

Msika wake ndi Malawi Stock Exchange, ku Blantyre, kumene malonda a masheya anayamba mu 1996 ndi kampani ya NICO. Munthu wamba sangangolowa n'kuyamba kutsatsa ngati pa Lizulu. Amadzera kwa mkhalapakati wovomerezeka, amene pamsikapo amamutcha buloka. Mumamuuza zinthu zitatu: kampani yake, masheya angati, pa mtengo wanji. Iye amalowetsa zimenezi m'kompyuta ya msika, momwe muli mizere iwiri. Mzere wina ndi wa ofuna kugula, ndipo wolonjeza ndalama zambiri amakhala patsogolo. Wina ndi wa ogulitsa, ndipo wotchipitsa ndiye amakhala patsogolo. Awiri akatchula mtengo wofanana, amene anayamba kufika ndiye amayamba kuthandizidwa, monga pachigayo.

Tiyeni tiyerekeze ndi kampani yongopeka, manambala akenso ongopeka, yomwe sheya yake dzulo inagulidwa pa K100. Lero m'mawa wogula amene ali patsogolo akufuna masheya 5,000 pa K99. Kumbali ya ogulitsa kuli atatu: woyamba ali ndi 3,000 pa K101, wachiwiri 4,000 pa K103, wachitatu 10,000 pa K108. Pakati pa K99 ndi K101 pali mpata, ndipo malinga ngati palibe wogonja, sipachitika malonda. Akhoza kuyang'anizana choncho tsiku lonse, nyuzipepala n'kulembabe K100.

Kenaka pakubwera mayi amene wangolandira ndalama zake zapenshoni. Wauza buloka wake kuti akufuna masheya 10,000 lero lomwe ndipo ndi wokonzeka kufika pa K110. Kompyuta iyamba ndi wotchipa: 3,000 pa K101, zomwe ndi K303,000. Amenewo atha, itenga 4,000 pa K103, K412,000. Otsala 3,000 iwapeza kwa wachitatu uja pa K108, K324,000. Mayiyo walipira K1,039,000, osawerengera ya buloka ndi zolipira zina, kutanthauza kuti sheya iliyonse yamudyera K103.90. Koma malonda omaliza achitika pa K108, ndipo msika ukatsekera pamenepo, mawa anthu awerenga kuti kampaniyi yakwera ndi 8 peresenti.

Onani chimene chachitika. Kampani sinagulitse katundu wambiri kuposa dzulo, sinatsegule nthambi, abwana ake mwina sakudziwa n'komwe. Munthu mmodzi wachangu wangosesa masheya otchipa amene anali pamzere. Ndipo ngati kampaniyo ili ndi masheya 1 biliyoni, owerengera anena kuti dzulo inali ya K100 biliyoni, lero ndi ya K108 biliyoni. Ndalama zongopitirira pang'ono K1 miliyoni zabala K8 biliyoni ya papepala. Eni masheya onse atati athamangire kugulitsa kuti aigwire m'manja K8 biliyoniyo, apeza kuti amene akuwadikira ndi uja wa K99, ndipo akungofuna 5,000 basi.

Akanakhala kuti mayi uja anauza buloka kuti asapitirire K103, akanapeza masheya 7,000 okha n'kudikira ena. Ndiko kusankha kumene aliyense amakumana nako pamsikawu: kutchula malire n'kudikira, kapena kufulumira n'kulipira zimene wapeza.

Funso lenileni tsono ndi lakuti, wogulitsa uja anaitenga kuti K101, ndipo wogula anaitenga kuti K99? Onsewo akuyesa kupima chinthu chimodzi, phindu limene kampani idzapange m'tsogolo. Amene anagulapo ng'ombe yamkaka akudziwa. Sulipira chifukwa cha mkaka umene inatulutsa chaka chatha, poti umenewo anamwa ena. Ulipira chifukwa cha umene ukuganiza kuti idzakupatsa iweyo, ndipo mkaka wa chaka chatha umangokuthandiza kuganiza.

Tinene kuti kampani yathu ija inapeza phindu la K10 biliyoni chaka chatha. Kugawa ndi masheya 1 biliyoni, sheya iliyonse yapindula K10. Wogula pa K100 ndiye kuti akulipira phindu la zaka khumi. Pa K10 imeneyo akuluakulu a kampani akhoza kupereka K4 kwa eni masheya, yomwe imatchedwa dividendi, n'kusunga K6 yokulitsira bizinesi. K4 pa K100 ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi chiwongoladzanja chimene munthu angapeze atabwereketsa boma ndalama yomweyo, makamaka kuno kwathu kumene chiwongoladzanja chimakhala chokwera. Wogula pa K100 ndiye kuti akukhulupirira kuti K10 ija ikula msanga. Wogulitsa akukayika, kapena akungofuna fizi ya mwana. Chiwongoladzanja chikakwera, ena amachoka kumasheya kukabwereketsa boma, ndipo mzere wa ogula umachepa ngakhale kampaniyo isanalakwitse kalikonse.

Apa pali chinthu chimene chimasokoneza anthu ambiri. Kampani ikhoza kulengeza kuti phindu lakwera, mtengo wa sheya n'kutsika tsiku lomwelo. Ngati anthu amayembekezera K15 pa sheya ndipo anali atakwezeratu mtengo poyembekezera zimenezo, K12 ikatuluka amakhumudwa ngakhale ikuposa K10 ya chaka chatha. Msika umagwedezeka ndi nkhani imene sunkaiyembekezera. Imene aliyense ankaidziwa kale inalowa mumtengo kalekale. N'chifukwa chake malamulo a msika wa ku Blantyre amafuna kuti kampani ikaona kuti phindu lake lisiyana ndi la nyengo ngati yomweyo chaka chatha ndi 20 peresenti kapena kuposa, idziwitse anthu onse nthawi imodzi isanatulutse maakaunti. Timakalata timeneti timatuluka m'nyuzipepala, ambiri timangotidumpha pothamangira tsamba la mpira, koma mabuloka amatiwerenga m'mawa kwambiri. Munthu wa m'kati mwa kampani amene angagule kapena kugulitsa pogwiritsa ntchito nkhani imene ena sanaimve amakhala akuphwanya lamulo.

Nkhani imodzi simenya makampani onse mofanana. Mu November 2023 Reserve Bank itatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, kampani iliyonse yokhala ndi ngongole za madola inadzuka ngongoleyo itafufuma ikawerengedwa m'makwacha. Airtel Malawi, imene makasitomala ake amagula mayunitsi m'makwacha pamene zambiri zoyendetsera netiweki imalipira m'madola, inatseka chaka chimenecho ndi luzi. Kampani yogulitsa katundu wake kunja, kapena banki yosunga madola ambiri kuposa amene ili nawo ngongole, nkhani yomweyo ikhoza kuikomera. Madzi akasefukira ku Chikwawa, wa masheya a Illovo amaganiza za minda ya nzimbe ya ku Nchalo, pamene wa masheya a Sunbird maso ake ali pa alendo ogona m'mahotela.

Kutsika kwina n'kwa masamu chabe. Kampani ikalengeza dividendi imatchula tsiku limene ikatseke kaundula wa oyenera kulandira. Wogula tsiku loyenerera litadutsa salandira K4 ija, choncho safuna kulipira mtengo wofanana ndi wa dzulo, ndipo sheya ikhoza kutsika ndi ndalama yoyandikira pamenepo. Amene sakudziwa amayesa kuti kampani yadwala.

Ndinene chilungamo pa mawu oti mitengo imasintha tsiku ndi tsiku. Ku Johannesburg kapena ku London imasinthadi mphindi iliyonse, chifukwa mizere ija ndi yaitali ndipo mpata wa pakati pa wogula ndi wogulitsa ndi wochepa zedi. Mayi wathu wa masheya 10,000 sangagwedeze kanthu kumeneko. Kwathu kuno makampani a pamsika sakwana makumi awiri, ndipo masheya ambiri ali m'manja mwa makampani akuluakulu amene ndi eni ake ndi mabungwe osunga ndalama za penshoni, amene akagula sagulitsa wamba. Ndiye sheya ikhoza kukhala pamtengo umodzi masiku angapo chifukwa palibe wagula kapena kugulitsa, kenaka n'kulumpha tsiku limodzi. Ogula akachuluka ogulitsa n'kusowa, mtengo umakwera mothamanga kuposa phindu la kampani, ndipo kukwerako kumakopa ena amene amagula chifukwa choti ukukwera. Ine pamenepo ndimayamba kuchita mantha, chifukwa khomo limene anthu analowera mmodzimmodzi ndi lomwelo limene adzafune kutulukira onse pamodzi.

Malume ndinawauza kuti akamawerenga tebulo lija asamaime pa mtengo. Ayang'ane masheya angati anagulidwa tsikulo. Kukwera kwa 8 peresenti pa masheya 10,000 n'kosiyana ndi kukwera komweko pa masheya 10 miliyoni. Ndipo akafuna kudziwa ndalama imene angaigwiredi m'manja, afunse buloka kuti wogula amene ali patsogolo pa mzere akupereka zingati, ndipo akufuna angati. Anaimba foni tsiku lomwelo. Atamva yankho anapinda nyuzipepala, n'kunena kuti ayamba adikira kaye dividendi.