Nkhope ya mwana siisinthika ngati nambala yachinsinsi

Mu Seputembala 2023, ana a m'tauni ya Almendralejo kumwera chakumadzulo kwa dziko la Spain anali atangobwerera kusukulu pamene mphekesera inayamba kuwanda: m'mafoni a anzawo munali zithunzi za atsikana a komweko ali maliseche. Atsikanawo anali oposa 20, wamng'ono wazaka 11 ndipo wamkulu wazaka 17. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anajambulitsapo chithunzi chotero. Nkhope zinali zawo ndithu, koma matupi anali ochita kupanga ndi pulogalamu ya pakompyuta.

Opanga zithunzizo sanali zigawenga zochokera kutali ayi. Anali anyamata a m'tauni momwemo, ena a m'kalasi imodzi ndi atsikanawo. Anatenga zithunzi wamba zimene atsikanawo anaika pa intaneti atavala bwinobwino, n'kuzilowetsa m'pulogalamu, kenako n'kumagawana zotulukazo m'magulu a pa WhatsApp. Amayi a atsikanawo atadziwana anapanga gulu ndi kukadandaula kupolisi. Mu Julayi 2024 khoti la ana ku Badajoz linapeza ana 15 olakwa, ndipo linalamula kuti akhale chaka chimodzi akuyang'aniridwa komanso alandire maphunziro a kagwiritsidwe ntchito kabwino ka zipangizo zamakono.

Nkhaniyi ikutiphunzitsa chinthu chimene makolo ambiri sitinachiganizirepo. Kale tinkauza ana kuti asajambulitse zithunzi zochititsa manyazi, n'kumaona ngati tamaliza. Lero chithunzi cha mwana atavala yunifolomu yake, akumwetulira pa tsiku lolandira mphotho, n'chokwanira kuti wina amuvulaze nacho.

Kuti timvetse chifukwa chake, tione zimene zimachitika munthu akasintha nkhope pachithunzi. Pulogalamu imayamba ndi kupeza maso, mphuno, pakamwa ndi chibwano. Kenako maonekedwe a nkhopeyo imawasandutsa manambala, n'kugwiritsa ntchito manambalawo pojambulanso nkhope ija pamutu wa munthu wina, ikufananiza mtundu wa khungu ndi kuwala kuti msoko usaoneke. Zaka zingapo zapitazo ntchitoyi inkafuna zithunzi zambirimbiri ndi kompyuta yamphamvu. Masiku ano mapulogalamu ambiri amangofuna chithunzi chimodzi chooneka bwino, munthu atayang'ana kutsogolo, monga mmene ana amaimira pojambulitsa kusukulu.

Nthawi zambiri kusintha nkhope kumayamba ngati masewera. Bambo amaika nkhope ya mwana wake pathupi la katswiri wa mpira, mphunzitsi wa sukulu ya mkaka amasandutsa ana a m'kalasi mwake madokotala ndi oyendetsa ndege kuti asangalatse makolo pa tsiku lotsekera. Cholinga n'chabwino, koma ambiri mwa mapulogalamu amenewa sagwira ntchitoyo m'foni mwanu. Amatumiza chithunzicho ku makompyuta a kampani, kawirikawiri kunja kwa dziko, ndipo chikafika kumeneko simungathenso kuona ngati chafufutidwa kapena chasungidwa. Mawu ang'onoang'ono amene timavomereza osawerenga nthawi zina amapatsa kampaniyo ufulu wosunga ndi kugwiritsa ntchito zithunzizo.

Munthu wamkulu akhoza kusankha yekha kuti aika nkhope yake pachiswe. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi sangamvetse chimene akuvomera, ndipo nthawi zambiri safunsidwa n'komwe. Komanso nambala yachinsinsi ya akaunti ya ndalama ikabedwa timasintha tsiku lomwelo, pamene nkhope mwana adzakhala nayo moyo wake wonse. Chithunzi chabodza chopangidwa ali Sitandade 7 chikhoza kudzatulukanso akufunsira ntchito kapena akukonzekera chinkhoswe. Mu 2024 bungwe la Human Rights Watch linapeza zithunzi 170 za ana a ku Brazil m'nkhokwe yaikulu yophunzitsira mapulogalamu opanga zithunzi yotchedwa LAION-5B. Zina zinatengedwa pamasamba a mabanja, ndipo zina zinali ndi maina a anawo, makolo osadziwa kanthu.

Kodi chithunzi chosinthidwa chingazindikirike? Nthawi zina inde. Yang'anani pamene tsitsi lakumana ndi mphumi, ngati pali posokonekera. Yerekezani khungu la kumaso ndi la m'khosi kapena m'manja. Onani ngati mthunzi wa pankhope ukugwera mbali imodzi ndi wa pathupi, ndiponso ngati makutu, ndolo, mano ndi magalasi zili m'malo mwake. Koma musadalire zizindikirozi. Chithunzi chikadutsa m'mafoni angapo pa WhatsApp chimafinyidwa n'kuchepa kuwala, ndipo misoko ija imabisika. Choncho mwana akakuuzani kuti thupi ilo si lake, yambani ndi kumukhulupirira. Mwana amene wakalipiridwa kapena kumenyedwa pa chinthu chimene sanachite sadzabweranso kudzanena, ndipo anthu oopseza ana kuti awapatse ndalama amadalira mantha omwewo.

Sukulu ili ndi udindo wapadera chifukwa imasunga nkhope za ana mazanamazana pamalo amodzi. Chithunzi cha pa tsamba la Facebook la sukulu chimapereka zinthu zitatu nthawi imodzi: nkhope yooneka bwino, baji ya pa yunifolomu yosonyeza kumene mwana amapezeka tsiku lililonse, ndi dzina lonse ngati akumuyamikira pa mayeso. Zitatuzi zisamapezeke pamodzi. Sukulu ijambule ana ali pagulu ndiponso chapatali, isalembe maina onse, ndipo ipemphe chilolezo cholembedwa kwa kholo, chosiyanitsa chithunzi cha kaundula wa sukulu ndi choika pa intaneti. Kulola kuti mwana ajambulidwe si kulola kuti nkhope yake ilowetsedwe m'pulogalamu yosinthira nkhope. Aphunzitsinso asamasunge zithunzi za ophunzira m'mafoni awoawo.

Chithunzi choipa chikatuluka, cholakwika chofala ndi kuchitumiza ku gulu la makolo kapena la aphunzitsi kuti anzathu aone zimene zachitika. Aliyense wochitumiza, ngakhale ali ndi mtima wabwino, akuwonjezera bala la mwanayo, ndipo akhoza kudzipalamulira mlandu. Ku Malawi lamulo la 2016 lokhudza ntchito ndi chitetezo cha pa intaneti limaletsa kupanga, kusunga ndi kufalitsa zithunzi zolaula za ana. Chofunika ndi kulemba papepala nambala kapena dzina la akaunti imene yatumiza, dzina la gulu, tsiku ndi nthawi, n'kupita nazo ku nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, kapena kuimba nambala yaulere yothandiza ana ya 116. Mphunzitsi wamkulu asaitanire mwana wolakwiridwayo pa asembule kapena kumuika pamaso pa omulakwira kuti akambirane. Wosamutsidwa m'kalasi, ngati alipo, asakhale iye.

Pomaliza, tikumbukire kuti ku Almendralejo olakwawo analinso ana a anthu, a makolo amene anawagulira mafoni osaganiza kuti angachite zotere. M'mera mpoyamba. Mnyamata amene lero waika nkhope ya mnzake pathupi la nyani kuti kalasi iseke akuphunzira kuti nkhope ya munthu wina ndi choseweretsa chake. Kukambirana kwa pakhomo kusangokhala kochenjeza ana aakazi kuti asamale. Ana aamuna nawo amve momveka kuti nkhope ya mnzawo satenga popanda kupempha, ndipo chithunzi chotere chikafika m'foni mwawo, asachitumize kwa wina aliyense koma akauze munthu wamkulu tsiku lomwelo.