Makiyi a tsiku lotsekeredwa panja

Tiyerekeze kampani imene imasunga maimelo ndi mafayilo ake pa Microsoft 365, ndipo woyang'anira makompyuta ndi mmodzi yekha. Lachisanu madzulo waika lamulo mu Conditional Access loti anthu azilowa ali mu ofesi basi, koma walemba molakwika nambala ya netiweki ya ofesiyo. Onse atsekeredwa panja, iye yemwe. Lamulolo sangalichotse, chifukwa kuti alichotse ayenera kulowa kaye.

Apa mpamene akaunti yadzidzidzi imagwira ntchito. A Microsoft amalangiza kuti zikhale ziwiri kapena kuposerapo, zokhala ndi udindo wa Global Administrator nthawi zonse. Zisakhale m'dzina la munthu, pakuti munthu amadwala, amasiya ntchito, foni amabetsa. Dzina lake lithere ndi onmicrosoft.com, ndipo zisalumikizidwe ndi seva ya mu ofesi, kuopa kuti sevayo ikafa zingafere limodzi. Imodzi mwa izo ipatulidwe ku malamulo onse oletsa kulowa. Kupanda apo, ikanatsekeredwanso panja Lachisanu lija.

Kale ena ankangolemba mawu achinsinsi ataliatali papepala n'kumata mu envulopu. Izi sizikukwananso, chifukwa kuyambira mu Okutobala 2024 kampaniyi inayamba kulamula kuti wolowa m'malo oyendetsera zinthu azitsimikizira kawiri. Njira yabwino ndi kakiyi ka FIDO2 kobaya pakompyuta, osati uthenga wa pafoni ya bwana. Akaunti iliyonse ikhale ndi kakiyi kake, ndipo timakiyito tigone m'mabokosi achitsulo okhoma, m'nyumba zosiyana. Nambala yotsegulira kakiyi isakhale m'bokosi lomwelo. Ena amaisiya m'fayilo ya pa OneDrive, kuiwala kuti tsiku la vutolo fayiloyo idzakhala kuseri kwa chitseko chomwe chatsekekacho.

Pasadutse masiku 90 osaziyesa, ndipo ziyesedwenso wosunga kiyi akachoka ntchito. Anzawo adziwitsidwe kaye, kenako anthu awiri atsegule bokosi, alowe, aone ngati udindo uja ulipobe, atuluke osasintha kalikonse, asaine m'buku. Mbali imene ambiri amaidumpha ndiyo kudikira chenjezo. Zolemba za amene alowa zimatumizidwa ku Azure Monitor, kumene amatchera lamulo loti akauntiyi ikangolowa, uthenga upite kwa akuluakulu. Ukapanda kufika, kuyesako kwalephereka ngakhale kuti kulowa kunatheka, chifukwa wakuba akanalowanso chimodzimodzi popanda womumva.

Chiyeso chenicheni chimabwera pa tsiku wamba. Woyang'anira waiwala foni kunyumba, wantchito watsopano akudikira imelo, bokosi lili pomwepo. Ndikuona kuti apa mpofunika kukana. Chochitidwa ndi akaunti yopanda mwini sichisonyeza kuti wachita ndani, ndipo chenjezo likamalira sabata iliyonse anthu amaleka kuliwerenga. Ikagwiritsidwa ntchito pa vuto lenileni, alembe amene anatsegula, nthawi yake ndi zimene anasintha, kenako asinthe nambala ya kakiyi asanakabwezere.