"Onani Chithunzi" Si Malonda

Mayi wina wogulitsa zitenje pa Facebook amaika chithunzi chokongola, m'munsi mwake n'kulemba kuti "Zafika! Onani chithunzi." Kwa kasitomala amene maso ake achita ng'ala, uthengawo ndi wopanda kanthu.

Anthu ovutika kuona amakulitsa zilembo pa foni, ena amadalira TalkBack pa Android kapena VoiceOver pa iPhone, zomwe zimawerenga mokweza mawu olembedwa. Mtengo wolembedwa pachithunzi penipenipo nthawi zambiri suwerengeka bwino, ndipo ukaukulitsa umangosanduka mbuu. Facebook imayesa kufotokoza chithunzi payokha, koma singadziwe kuti nsaluyo ndi yokhuthala kapena yopyapyala.

Mayiyo akanalemba chonchi: "Chitenje cha thonje, mamita 2, chobiriwira, cha maluwa akuluakulu achikasu, m'mphepete muli mzere wakuda." Kenako mtengo m'manambala, malo ochitengera, ndi chilema ngati chilipo. Dzina la katundu liyambe, chifukwa womvetsera akapanda kulimva msanga amapitirira.

Timitima khumi totsatizana tija n'tosautsa kwambiri: foni imatchula dzina la kalikonse, mtengo usanamveke.