Chithunzi chikuoneka koma mawu palibe: musafulumire kugula chingwe china cha HDMI

Munthu akalumikiza dikoda kapena laputopu ku kanema ndi chingwe cha HDMI, chithunzi n'kubwera bwinobwino koma mawu osamveka, choyamba amakayikira chingwecho. Amapita kumsika kukagula china, n'kupeza kuti zinthu zili chimodzimodzi. Nthawi zambiri chingwe sichikhala ndi mlandu. Mu HDMI mawu ndi chithunzi zimayenda pa timawaya tomwetomweto, mawuwo akulowetsedwa m'timipata timene timatsala pakati pa mizere ya chithunzi. Choncho ngati chithunzi chafika chosadukaduka komanso chopanda timadontho tothwanima, njira ya mawu nayonso ndi yotseguka. Chimene chimachitika n'chakuti mawu atumizidwa kwina, kapena atumizidwa mumtundu umene chipangizo cholandira sichitha kumasulira, kapena zipangizozo sizinamvane poyamba pomwe.

Kumvanako n'kofunika kukudziwa. Mukangobaya chingwe, zipangizo ziwirizo zimalonjerana ngati anthu okumana panjira. Kanema amauza dikoda kapena kompyuta dzina lake, kukula kwa chithunzi chimene angaonetse, ndi mitundu ya mawu imene angathe kuimba. Malonje amenewa akasokonekera, chotumizacho chimatha kuganiza kuti kutsidyako kulibe masipika, n'kumatumiza chithunzi chokha.

Musanalowe m'zakuya, dziwani kaye kumene mawu akusochera. Sinthani kanemayo muonere chinthu china chosadzera pa HDMI, monga fulashi kapena tchanelo cha pa eriyo. Ngati apanso ali duu, vuto lili pa kanema yemweyo: mwina mawu anatsekedwa pa rimoti, mwina kumbuyo kuli kachingwe ka mahedifoni kamene wina anaiwala kuzula, kapena kanemayo akutumizabe mawu ku sipika ya Bluetooth imene ili m'chipinda china. Koma ngati fulashi ikumveka, masipika ali moyo. Kumbukiraninso kuti dikoda ili ndi voliyumu yakeyake, ndipo ana akaitsitsa mpaka pansi ndi rimoti ya dikoda, rimoti ya kanema singaikweze ngakhale mutafikitsa pa 100.

Pamene pamavuta kwambiri ndi pa saundiba, sipika yaitali ija imene imagonekedwa pansi pa kanema. Tiyeni titsate nkhani imodzi mpaka pamapeto. Banja lina lili ndi kanema wa Samsung, dikoda yolumikizidwa pa HDMI 1, ndipo lagula saundiba. Bambo atenga chingwe, abaya mbali ina pa kabowo ka saundiba, mbali ina pa kabowo kalikonse kotsala kumbuyo kwa kanema. Ayatsa zonse. Saundiba ikuyaka magetsi, koma mawu akutulukabe pa timasipika ta kanema, kapena sakutuluka paliponse.

Chifukwa chake n'chakuti timabowo ta HDMI ta pa kanema tinapangidwa kuti tizilandira, osati kutulutsa. HDMI itayamba mu 2002 inkayenda mbali imodzi basi, kuchoka ku chipangizo kupita ku kanema. Mu 2009 ndi pamene anawonjezera njira yobwezera mawu kuchoka ku kanema kupita ku sipika, yotchedwa ARC, ndipo mu 2017 kunabwera ina yonyamula zambiri yotchedwa eARC. Njira imeneyi siikhala pa timabowo tonse. Pa makanema ambiri kamakhala kabowo kamodzi kokha, kolembedwa pambali kuti HDMI (ARC) kapena HDMI (eARC), ndipo kawirikawiri sikakhala koyamba. Zilembozo ndi zing'onozing'ono, kumbuyo kwa kanema wopachika pakhoma kumakhalanso mdima, ndiye unikirani ndi tochi ya foni. Ngati dikoda ndiyo yakhala pa kabowo ka ARC, isamutsireni pena, malowo ndi a saundiba.

Kumbali ya saundiba nakonso kuli msampha. Zambiri zimakhala ndi timabowo tiwiri, kena kolembedwa HDMI IN, kena HDMI OUT (TV-ARC). Nzeru za munthu zimati popeza mawu akulowa mu saundiba, chingwe chilowe pa IN. Ayi, chimalowa pa OUT. Ka IN n'kobayapo dikoda kapena chipangizo china chimene mukufuna kuti chidzere mu saundiba chisanafike ku kanema. Opanga zipangizozi anasokoneza anthu ndi kalembedwe kameneka, ndipo wobaya molakwika sayenera kudziona ngati mbuli.

Bambo aja akonza zingwe, komabe kuli zii. Chotsala ndi chinthu chimene ogulitsa ambiri satchula n'komwe. ARC siigwira ntchito popanda njira ina yotchedwa CEC, imene imalola zipangizo kulamulana kudzera pa chingwe chomwecho. Ndi CEC imene imachititsa kuti rimoti ya kanema ikweze mawu a saundiba, komanso ndi imene kanema amadziwira kuti kunja kuli sipika yofuna mawu. Chovuta n'chakuti kampani iliyonse inaipatsa dzina lake. Samsung imati Anynet+, LG imati SIMPLINK, Sony imati BRAVIA Sync, Panasonic imati VIERA Link, Philips imati EasyLink. Makanema ena amangolemba HDMI-CEC. Ifufuzeni pa Settings ndipo muiyatse. Mukatero pitani pa Sound, kenako Sound Output kapena Sound Out, musankhe saundiba m'malo mwa TV Speaker. Pomaliza dinani batani losinthira gwero la mawu pa saundiba mpaka ifike pa ARC. Pa masaundiba a Samsung mumaima pa D.IN, ndipo zikamvana, pakapita timasekondi tochepa pamasintha n'kulemba TV ARC. Zilembo zimenezi zikaoneka, mwadziwa kuti njira yatseguka.

Zikapanda kuoneka, zulani mapulagi a kanema ndi saundiba pakhoma. Kuzimitsa pa rimoti sikukwanira chifukwa zipangizozi zimangogona, zosokonekerazo zikadali m'kati. Zulaninso zingwe zina zonse za HDMI, pakuti chipangizo chimodzi chosamvera CEC chingathe kutseka pakamwa zinzake zonse. Dikirani mphindi ziwiri, bwezerani chingwe cha saundiba chokha, yatsani kanema, kenako saundiba. Mawu akabwera, bwezerani zipangizo zina chimodzichimodzi kuti muone chimene chikuyambitsa chisokonezo. Kwathu kuno kumene magetsi amathimathima, njira imeneyi muisunge pamtima. Magetsi akabwera zipangizo zonse zimadzuka pamodzi, china mofulumira china mochedwa, malonje aja n'kuphonyana, ndipo saundiba imene dzulo imaimba bwino lero ili chete popanda amene waikhudza.

Apa pokha ndi pamene chingwe chingakhale ndi mlandu. Pulagi ya HDMI ili ndi timapini 19, ndipo CEC ndi ARC zimadzera pa timapini tosiyana ndi ta chithunzi. Chingwe chotchipa kwambiri, kapena chimene kapini kamodzi kanapindika, chingathe kuonetsa chithunzi cha dikoda bwinobwino koma n'kulephera kubweza mawu ku saundiba. Musanagule, yesani kusinthanitsa ndi chingwe cha dikoda. Ndipo musalole kuuzidwa kuti chokutidwa ndi golide chimamveka bwino kuposa chinzake. Chingwe wamba cholembedwa High Speed chimakwanira pa ARC.

Pali kusalankhula kwa mtundu wina kumene kumadabwitsa kwambiri: tchanelo china chikumveka, china ayi, kapena nyimbo zikuimba koma filimu ili duu, mwinanso kukumveka phokoso lathetheche. Pamenepo zingwe zili bwino, vuto ndi mtundu wa mawu. Mawu a pa HDMI amayenda m'njira ziwiri. Ina ndi PCM, mawu omasuliridwa kale amene chipangizo chilichonse cha HDMI chokhala ndi masipika chimayenera kuwamva. Ina ndi mawu opanikizidwa monga Dolby Digital ndi DTS, amene amafuna kuti cholandiracho chikhale ndi chomasulira chake. Makanema ena otsika mtengo alibe chomasulira cha Dolby, ndipo makanema a Samsung opangidwa kuyambira 2018 samasulira DTS. Mankhwala ake ndi kulowa pa Settings ya chipangizo chotumiza mawu, kaya ndi dikoda kapena kanema amene akudyetsa saundiba, kupeza pamene alemba Digital Audio Output kapena mawu ofanana nawo, n'kuchotsa pa Auto, Bitstream kapena Dolby Digital kuika pa PCM kapena Stereo. Mudzataya mawu ozungulira a masipika asanu aja, koma saundiba ya masipika awiri pabalaza laling'ono siinali kukupatsani zimenezo ndi kale.

Za laputopu n'zachidule. Windows imaona kanema ngati sipika ina yapadera, ndipo nthawi zina siisamutsira mawu kumeneko yokha. Dinani kachizindikiro ka sipika pansi kumanja musankhe dzina la kanema wanu. Ngati dzinalo palibe, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe izi:

```
mmsys.cpl
```

Pa Playback dinani batani lakumanja la mausi pamalo opanda kanthu, muchonge Show Disabled Devices. Kanema akaoneka wofuwirira, sankhani Enable kenako Set Default. Pulogalamu imene inali ikuimba kale muitseke n'kuitsegulanso, chifukwa zina zimakakamirabe pa sipika yakale. Ngati kanemayo sakuonekabe, vuto limakhala dalaivala ya chithunzi, osati ya mawu monga ambiri amaganizira, pakuti mawu a HDMI amatuluka kudzera ku gawo la chithunzi la Intel, AMD kapena NVIDIA. Izi zimachitika kwambiri pa malaputopu akaunjika amene anangoikidwa Windows yatsopano mothamanga. Pa Mac mumasankha kanema pa Sound, kenako Output, ndipo musadabwe mabatani a voliyumu akasiya kugwira ntchito, mawu mumakwezera pa rimoti.

Onaninso ngati pali kadaputala panjira. Kabowo ka VGA, kabuluu kaja ka pa makompyuta akale, sikanyamula mawu ngakhale pang'ono. Kadaputala kosintha VGA kukhala HDMI kamafuna kachingwe kena kochokera pobayira mahedifoni, ndipo kopanda kachingweko sikadzatulutsa mawu ngakhale mutasintha chiyani.

Nanga kanema akakhala wopanda ARC, kapena ARC yakaniratu? Yang'anani kabowo kakang'ono kolembedwa Optical kapena Digital Audio Out, kamene kamawala kofiira kanema akayaka. Chingwe chake chimanyamula mawu ndi kuwala, sichidalira CEC, ndiye sichisokonezeka magetsi akathima. Chimanyamula PCM ndi Dolby Digital, zimene zikukwanira pa mpira, nkhani ndi mafilimu ambiri. Chotsani tizipewa tapulasitiki kunsonga zake musanabaye, musachipinde kwambiri, sankhani Optical pa kanema ndi pa saundiba pomwe. Choipa chake n'chakuti pa zipangizo zambiri mudzafunika kusunga rimoti ya saundiba pafupi kuti muzikwezera mawu.