"Nisewera chabe": nthabwala ya pamsika ikamera mano

Munthu wakunyozani pagulu, anthu aseka, inu nkhope yagwa. Musanatsegule pakamwa, mwini mawu wawonjeza kale kuti, "Ah, nisewera chabe, mwakalipa?" Apa ndiye mwapanikizika. Mukakwiya, akuti simudziwa macheza. Mukaseka nawo, mawa abwera ndi zina zoposa. Akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo chipongwe chobisala mu nthabwala ndi khoswe wotere: mukaponya mwala mwaukali, chosweka ndi mkhate wanu.

Ku Zambia kuno nkhaniyi imavutirapo chifukwa kunyozana kocheza tili nako ndithu, ndipo timakukonda. Chimbuya cha Abemba ndi Angoni, chimene chinabadwa nkhondo zawo zakale zitatha, lero chinafalikira kwa anthu onse a kum'mawa. Mubemba akafika pa msika wa Lundazi amutcha wodya anyani, iye abweza kuti inu odya mbewa, onse aseka, malonda apitirira. Ngakhale pamaliro ambuya amapaka anzawo ufa kumaso, popanda wokwiya. Koma chimbuya chili ndi malamulo ake, ndipo malamulowo ndiwo muyeso wanu.

Tiyerekeze chitsanzo. Mtsikana wina wayamba kugulitsa nyemba pa msika wa Lundazi, zija zotchuka mpaka ku Lusaka. Pafupi naye pali amayi amene akhala pamalopo zaka zambiri, nawonso a nyemba. Mtsikanayo ndi wansangala, makasitomala ayamba kuzolowera kwa iye. Tsiku lina kasitomala akuwerenga ndalama, amayi aja akweza mawu: "Muyang'anitsitse meda ya uyu, pansi pake anaiponda!" Kenako phwete kuseka. Mawa lake: "Kaya anasamba chani mwana uyu kuti anthu azingothamangira kwa iye." Anthu asekanso, koma kasitomala wina abweza ndalama m'thumba nachoka.

Kodi ndi macheza kapena chidani? Yambani mwaona ngati nthabwalayo imabwezeka. Chimbuya chimayenda uku ndi uku. Mtsikana uja akayesa kunena kuti, "Nanga yanu, amayi, tiione pansi," amayiwo n'kukwinya nkhope kuti mwana wopanda ulemu, dziwani kuti si masewera. Masewera amene mmodzi yekha ndiye aloledwa kumenya ndi chikwapu chabe.

Kenako onani nthawi yake. Amayi aja m'mawa, pamene onse akuyala malonda, sanena kanthu. Nthabwala imatuluka pokhapo kasitomala waima pa thebulo la mtsikanayo. Mawu otere sakupita kwa iye ayi, akupita m'khutu la wogula. Onaninso chimene nthabwalayo ikuluma. Za mbewa ndi anyani sizichotsera munthu kanthu, aliyense adziwa kuti n'zocheza. Koma kunena kuti meda ndi yoponda n'kumutcha wakuba, ndipo kunena zosamba n'kumuponyera mbiri ya mankhwala. Pamsika, mbiri ndiyo mpamba. Kasitomala mmodzi wa meda ziwiri akathawa tsiku lililonse, pa masiku 6 zapita meda 12 zimene zikanagulidwa.

Manje muyankha bwanji? Choyamba, musaseke nawo, komanso musakalipe. Malizani kutumikira kasitomala, mum'patse chenji chake bwinobwino. Timphindi timeneti timapatsa mtima mpata wotsika, ndipo wogula amaona munthu wokhazikika. Ndiyeno tembenukani, mufunse funso limodzi ndi mawu apansi, ulemu osautaya: "Amayi, sindinamvetse. Mukuti meda yanga yatani?" Nthabwala yachidani imakhalira kuthamanga, siifuna kubwerezedwa. Kuti ayankhe, ayenera kunena poyera kuti mumaba, kapena kubwerera m'mbuyo. Ambiri amabwerera.

Ngati chonenedwacho chingayesedwe, chiyeseni pomwepo. Mtsikana uja atha kutenga meda yake, n'kunena kuti, "Bweretsani yanu, amayi, tithire nyemba tione." Nyemba zodzaza meda yake zikadzazanso ya amayiwo, nkhani yatha pamaso pa anthu omwe aja anaseka, popanda kutukwana ngakhale liwu limodzi.

Akathawira ku "nisewera chabe", musayambe kutsutsana zoti anali kusewera kapena ayi. Mtima wa munthu simungautsegule kuti muonetse gulu, ndipo mkangano umenewo simuupambana. Ingovomerani mawu awo, muike malire: "Chabwino amayi, ngati ni masewera, aya a meda na mankhwala tiyeni tiwaleke. Yanionongera malonda." Nenani kamodzi, mubwerere ku ntchito. Apa ndiye mudzadziwa zoona zake. Wocheza weniweni amati pepa mwana wanga, n'kusiya. Wachidani amabwereza, kapena amasintha nyimbo n'kuyamba kuuza anthu kuti mumadzimva.

Pali misampha iwiri imene anthu amagweramo. Wina amabweza ndi chipongwe choposa, mpaka kutchula makolo a mnzake. Ku Lundazi, monga kwina konse kum'mawa, wachichepere akatukwana munthu wamkulu gulu limaiwala amene anayamba, limangokumbuka mwano wa mwana. Wina amangomeza, mwezi ndi mwezi, mpaka tsiku lina aphulika pa kanthu kakang'ono, n'kuponya mbale. Onse awiri apereka mphatso kwa wowanyoza, chifukwa tsopano nkhani yasanduka ukali wawo. Ndipo dzanja likatuluka, zinthu zasintha: pa lamulo la milandu la dziko lino, mutu 87, gawo 248, kumenya munthu mpaka kumuvulaza kungakupatseni zaka 5 m'ndende.

Zikapitirira mutaika malire, kambani nawo pambali, madzulo polongedza, muli ndi munthu mmodzi wamkulu amene nonse mumamulemekeza. Popanda gulu loseka, anthu ambiri amafewa, ndipo nthawi zina chenicheni chimatuluka: mwina ndi malo, mwina mtengo umene mwatsitsa, mwina kangongole ka chilimba. Zimenezo zimakambika. Zikakanika, pitani kwa atcheyamani a msika kapena kwa woyang'anira msika wa khonsolo. Musapite ndi mawu oti "amanizonda". Pitani ndi tsiku, mawu enieni amene ananenedwa, ndi anthu amene anamva.

Dziwaninso kuti lamulo silinagone. Gawo 179 la mutu 87 womwewo limaletsa mawu achipongwe amene angaputitse ndewu, ndipo chilango chake chingafike miyezi 3. Lamulo la za ufiti, mutu 90, limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Makhoti aang'ono, aja timati lokolo khoti, amaweruza milandu ya kutukwanizana ndipo amalamula chipepeso. Koma iyi ikhale njira yomaliza, chifukwa tsiku limene muli kukhoti thebulo lanu lili lovundikira, ndipo mukabwerako mnzanuyo akadali pambali panu.

Kudekha kulinso ndi polekezera. "Nthabwala" ikafika poti "uzaona" kapena "tizakumana panjira", kumeneko ndi kuopseza. Musafunsenso mafunso aulemu, musatsale nokha naye, uzani akuluakulu a msika ndi apolisi tsiku lomwelo.

Koma pa zambiri za tsiku ndi tsiku, pamsika, pa siteshoni kapena m'basi ya ku Chipata, funso lija limakwanira. Mulifunse pang'onopang'ono, maso ali pa mwini mawu, kenako mukhale chete. Amene anali kuseka adzatembenukira kwa iye kudikira yankho, ndipo aka kadzakhala koyamba kuti iyeyo asowe chonena.