Kapepala kotsegulira saluni kamayamba ndi masamu

Mayi amene watsala ndi sabata ziwiri kuti atsegule saluni mutu wake umakhala pa dilaya, magalasi, mipando ndi penti. Kapepala kolengeza tsiku lotsegulira, kamene ambiri amangoti fulaya, amakakumbukira kumapeto, n'kuthamangira kwa mnyamata wa kompyuta kumsika: "Achimwene, mundipangireko kokongola." Kokongolako kamatulukadi, ka maluwa m'mbali ndi zithunzi zisanu ndi chimodzi za atsikana otengedwa pa intaneti. Koma mayi amene wakalandira pa siteji ya minibasi akakawerenga sadziwa kuti saluniyo ili pati, alipira zingati, kapena ngati Lamulungu imatsegula.

Mizere iwiri ndiyo imavutitsa kwambiri pa kapepala kotere: wa mtengo wotsitsa ndi wa nthawi yotsegula. Yonse iwiri ndi malonjezo, ndipo amene adzawakwaniritse ndi manja a oluka. N'chifukwa chake ntchito imayambira pa kope ndi cholembera, kompyuta isanayatsidwe.

Tiyerekeze saluni yatsopano ku Bangwe mu mzinda wa Blantyre. Ndalama zimene zili m'nkhaniyi n'zongoyerekezera, chifukwa mitengo imasiyana malo ndi malo ndipo sikhalitsa. Saluniyi ili ndi mipando itatu ndi oluka atatu, kuphatikizapo mwini wake. Kuluka meshi amalipiritsa K20,000, ndipo mutu umodzi umatenga maola pafupifupi asanu. Akatsegula 8 koloko m'mawa n'kutseka 6 koloko madzulo, ndiye kuti tsiku lili ndi maola khumi, woluka aliyense amaliza mitu iwiri, saluni yonse mitu isanu ndi umodzi. Pa masiku asanu ndi awiri ogwira ntchito ndi mitu 42, ndipo apo ndiye kuti palibe amene wadwala kapena kuchedwa.

Tsopano mwini wakeyo wasindikiza timapepala 1,000 tolembedwa kuti "Theka la mtengo kwa aliyense sabata yonse yotsegulira!" Ngakhale atabwera munthu mmodzi yekha pa anthu khumi aliwonse amene analandira kapepala, ndi anthu 100, ndipo ambiri adzasankha Loweruka. Kumeneko kuli ngati kuitanira mudzi wonse nsima ya mumphika umodzi. Ena adzakhala pa benchi mpaka dzuwa kupendeka, ena adzabwerera ndi tsitsi lomasula kale, ndipo mbiri yoyamba ya saluniyo m'dera idzafalitsidwa ndi amene anabwererawo.

Ndalama nazonso sizigwirizana. Ngati woluka amalandira K8,000 pa mutu uliwonse, theka la mtengo likusiyira mwini saluni K2,000 yokha yoti alipirire lendi, magetsi, madzi ndi mafuta a tsitsi. Palinso vuto lina limene limaonekera sabata yachiwiri. Munthu amene analukitsa pa K10,000 akamva K20,000 amaona ngati mtengo wakwera, osati kuti wabwerera pamalo pake.

Pali njira ziwiri zimene zimamupulumutsa. Yoyamba ndi kutsitsa pang'ono n'kuika malire: kuluka meshi pa K16,000 m'malo mwa K20,000, kwa anthu 30 oyamba kulembetsa. Akachotsa ya woluka amatsala ndi K8,000 pa mutu, ndipo anthu 30 amakwana bwino m'malo 42 aja, n'kutsalanso malo a odutsa amene sanaone kapepala. Yachiwiri ndi kusiya mtengo momwe ulili n'kuwonjezerapo kanthu, monga kutsuka ndi kuumitsa tsitsi kwaulere kwa aliyense wolukitsa. Ngati ntchitoyo amaigulitsa K5,000 koma shampu, madzi ndi magetsi zake zimamudyera K1,500, kasitomala amaona kuti wapindula K5,000 pamene mwini wake wataya zochepa. Chofunika kukumbukira n'chakuti kutsuka ndi kuumitsa kumadyanso nthawi, ndiye mitu iwiri ija pa woluka ikhoza kusefukira kunja kwa maola khumi.

Mwa njira ziwirizi, yoyamba imakopa msanga anthu amene sakuidziwa saluni, chifukwa nambala imaoneka patali. Ndipo ilembedwe ngati nambala yeniyeni ya makwacha. Kulemba kuti "20%" kumapatsa wowerenga ntchito ya masamu ali pa msewu, komanso sikumuuza mtengo umene akuchotserapowo. "Kale K20,000, tsopano K16,000" aliyense amamva. Kwa saluni yatsopano, imene ilibe "kale", mawu oona ndi akuti "mtengo wake K20,000, sabata yotsegulira K16,000", ndipo sabatayo ikatha mtengo ukhaledi K20,000. Kukweza mtengo pa pepala pofuna kuti kutsitsako kuoneke kwakukulu ndi kunamiza ogula, ndipo malamulo a dziko lino amaletsa kutsatsa malonda konyenga. Bungwe la CFTC, loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, limalandira madandaulo a mtundu umenewu.

Mkangano umene umabuka kawirikawiri m'masaluni ndi wa meshi. Kodi K16,000 ija ndi ya manja okha, kapena ndi meshi yomwe? Kasitomala amabwera chimanjamanja poganiza kuti zonse zili momwemo, mwini saluni amayembekezera kuti abwera ndi mapaketi ake. Mawu anayi okha, "bwerani ndi meshi yanu", amathetsa zonsezo. Chimodzimodzi utali: mtengo wa zofika m'mapewa si wa zofika m'chiuno, ndiye kapepala kanene kuti mtengowo ndi wa utali uti. Tsiku lothera nalonso lilembedwe. Kapepala kopanda tsiku lothera kamabwera nako munthu patatha miyezi itatu, mitengo ya zinthu itakwera, ndipo iye salakwa kufunsa mtengo umene unalembedwa.

Mzere wa nthawi umaoneka wosavuta, koma saluni si golosale. Mu golosale munthu wolowa 5:45 madzulo amagula shuga n'kutuluka. Mu saluni wolowa nthawi yomweyo kudzalukitsa meshi angatuluke cha m'ma 11 koloko usiku, minibasi zitatha, oluka nawonso ali ndi ana kunyumba. Choncho pa kapepala pamafunika nthawi zitatu: yotsegula, yotseka, ndi yomaliza kulandira wolukitsa. Pa saluni ya ku Bangwe ija, 6 koloko kuchotsapo maola asanu ndi 1 koloko masana. Wotsukitsa kapena wokonzetsa wigi akhoza kulandiridwa mpaka 5 koloko.

Masiku alembedwe mayina ake. "Tsiku lililonse" amatanthauza kuti ndi Lamulungu lomwe, ndipo mayi amene wayenda kuchokera ku Namiyango n'kupeza loko pa chitseko sabweranso. Ngati Lamulungu amatsegula akaweruka ku tchalitchi, anene kuti 1 koloko masana. Ngati mwini wake amapemphera Loweruka, tsiku limene masaluni ambiri amadzaza, kapepala kanene mosabisa kuti Loweruka n'kotseka. Mawu akuti "m'mawa", "masana" ndi "madzulo" ndi omveka kwa agogo ndi mdzukulu yemwe, kuposa zilembo ziwiri zachingerezi zimene ena amasokoneza. Tsiku lotsegulira likhale ndi dzina ndi deti, ndipo ziwirizi zitsimikizidwe pa kalendala, chifukwa kulemba "Loweruka" pa deti limene likugwa Lamulungu kumachitika ndithu, makamaka wolembayo akakopera kapepala ka chaka chatha.

Masamu onsewa akatha, mawu a pa kapepala amakhala ochepa. Pansi pa dzina la saluni pangakhale izi:

TIKUTSEGULA LOWERUKA, PA 1 OGASITI
Kuluka meshi yofika m'mapewa: K16,000 m'malo mwa K20,000
Kwa anthu 30 oyamba kulembetsa, mpaka pa 8 Ogasiti. Bwerani ndi meshi yanu.
Lolemba mpaka Loweruka: 8 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo
Olukitsa afike isanakwane 1 koloko masana. Lamulungu n'kotseka.

Pansi pake pamabwera malo ndi nambala ya foni. M'makwalala ambiri a m'matauni athu nambala ya nyumba sithandiza munthu, ndiye malo afotokozedwe mmene angauzidwire wa kabaza: siteji yotsikira, mbali ya msewu, chizindikiro chimene aliyense amachidziwa monga chigayo kapena sukulu, ndi mtundu wa penti ya chitseko. Nambala ikhale imodzi kapena ziwiri, ya WhatsApp isonyezedwe, ndipo ngati amalandira ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, mzere umodzi ukwanira. Nambala za m'manja kuno zili ndi manambala khumi, ndipo asanasindikize, wina aiimbe poiwerenga pa pepala lenilenilo. Nambala imodzi yosemphana imaononga mulu wonse.

Chithunzi chikhale chimodzi, cha mutu umene mwini saluni analuka yekha, chojambulidwa panja masana, mwini mutuwo atavomera kuti chigwiritsidwe ntchito. Zithunzi za pa intaneti zimalonjeza luso la munthu wina, ndipo kasitomala adzaloza chomwecho kuti amupange.

Kukula kwa pepala kumakhudza thumba. Pepala la A4 likadulidwa pakati limatulutsa awiri a A5, a mamilimita 148 m'lifupi ndi 210 m'litali, ndipo likadulidwa kanayi limatulutsa a A6, amene amalowa m'chikwama osapinda. Kwa saluni ya mipando itatu, mapepala 75 a A4 amapereka timapepala 300 ta A6, ndipo tikwanira. Amene akufuna kuchulukitsa pa fotokope ya inki yakuda ayambe wayesa limodzi, chifukwa zilembo zofiira pa pepala la pinki, zimene zimawala pa kompyuta, zimatuluka ngati chimtambo chotuwa, ndipo chithunzi cha tsitsi lakuda chimasanduka banga. Zilembo zakuda pa pepala loyera sizikhumudwitsa. Kapepala komweko kasungidwenso ngati chithunzi choika pa WhatsApp, ndipo kayang'anidwe pa foni yaing'ono kuti mtengo ndi nthawi zikuwerengeka popanda kukulitsa.

Mayeso omaliza ndi a munthu amene sanamvepo za saluniyo. Apatsidwe kapepala kwa kanthawi kochepa, kenako kalandidwe, afunsidwe kuti akutsegula liti, ndi zingati, ndi kuti. Akalephera funso limodzi, mzere umenewo ukulitsidwe kapena ukwezedwe pamwamba.

Kugawa kuyambe patatsala masiku asanu kapena asanu ndi awiri, makamaka chakumapeto kwa mwezi pamene malipiro alowa, ndipo kuchitike m'dera limene munthu angayende wapansi kufika pa saluni: pa msika, pa siteji, m'mashopu ogulitsa meshi ndi zodzola, kwa atelala amene amasoka zovala za maukwati. Kumata pa zipupa ndi pa mapolo a m'misewu kumayenera kufunsidwa kaye ku khonsolo ndi kwa eni malo. Mwini saluni wochenjera amaika kadontho ka peni ya mtundu wosiyana kuseri kwa mulu uliwonse, kofiira ka kumsika, kobiriwira ka pa siteji, n'kupempha olembetsa kuti abwere ndi kapepala kawo. Pa 8 Ogasiti madzulo akawerenga timapepala tobwerera, amadziwa kumene adzagawe ulendo wina ndi kumene sadzapitakonso.