Mzere wozungulira mjigo pa mapu: umanena chiyani za mudzi wanu

Mudzi ukapempha mjigo, pempholo limachoka ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, n'kupita ku ADC, kenako kukhonsolo ya boma. Kumeneko mapempho amachuluka kuposa ndalama, choncho a ofesi ya zamadzi amafuna njira yodziwira amene ali kutali kwenikweni ndi madzi. Njira imodzi ndiyo kulemba mzere pa mapu kuzungulira mjigo uliwonse. Muyeso umene umagwiritsidwa ntchito kumidzi ya m'Malawi ndi wakuti nyumba isatalikire madzi abwino kuposa mamita 500, ndipo mjigo umodzi utumikire anthu pafupifupi 250.

Ntchito imayambira kumudzi komweko. Wogwira ntchito amaima pamjigo ndi foni, n'kujambula malo ake enieni, ndipo ambiri amasunga zimenezi mu mWater. Malo a nyumba amatengedwa pa zithunzi za m'mlengalenga kapena poyenda khomo ndi khomo. Zonse ziwiri amaziika mu pulogalamu ya mapu monga QGIS, n'kusankha Buffer, n'kulemba 500 pa Distance. Kompyuta imazunguliza mjigo uliwonse, ndipo Select by Location imasankha nyumba zimene zagwa m'kati.

Pali msampha umene umakola ongoyamba kumene. Foni imasunga malo m'madigiri, pa EPSG:4326, ndipo digiri imodzi ndi makilomita pafupifupi 111. Mukalemba 500 musanasinthe, kompyuta imamva madigiri 500, mapu onse n'kuphimbika. Muyambe mwasinthira ku EPSG:32736, imene imayeza m'mamita ndipo imakwanira Malawi yense. Muchongenso Dissolve result kuti mizere yolowerana iphatikizane, kuopa kuwerenga kawiri nyumba imene ili pakati pa mijigo iwiri.

Tiyerekeze mudzi wa nyumba 180 wokhala ndi mijigo iwiri, wina kusukulu wina kutchalitchi. Mizere italembedwa, nyumba 130 zagwa m'kati, 50 zatsala kunja. Papepala mudziwu uli bwino, pakuti nyumba 72 pa 100 zilizonse zili pafupi ndi madzi, ndipo pempho lake likhoza kuikidwa pansi pa mulu. Apa ndi pamene a VDC ayenera kufunsa mafunso.

Loyamba: kodi mijigo yonse iwiri ikutulutsa madzi? Kadontho ka pa mapu sikadziwa kuti wa kutchalitchi unathyoka ndodo chaka chatha, komiti ya mjigo n'kulephera kusonkha ndalama zoitanira mmisiri, kapena kuti umaphwa mu Okutobala, kapena kuti madzi ake ndi amchere moti amayi amangochapira. Muuchotse pa mapu, mulembenso mzere: mwina m'kati mutsala nyumba 70 zokha. Funsani tsiku limene mjigo uliwonse unayenderedwa komaliza.

Lachiwiri ndi la njira. Mzerewo umayeza mtunda mowongoka, ngati mmene iulukira mbalame, pamene munthu wosenza chidebe cha malita 20 amatsata njira. Nyumba za kutsidya kwa mtsinje zikhoza kugwa m'kati, koma m'dzinja mtsinje ukadzaza eni ake amazungulira kukaolokera pa mlatho. Chimodzimodzi dambo, phiri, kapena mpanda wa esiteti. Akatswiri amatha kuyeza motsata njira, koma tinjira tambiri ta kumudzi sitili pa mapu, ndiye chothandiza msanga n'kutenga mapu osindikiza, kukhala nawo pansi pamodzi ndi amene amatunga madzi tsiku ndi tsiku, iwo n'kuloza pamene sipadutsika.

Lachitatu, limene ine ndimaliona lolemera kuposa onse, ndi la kuchuluka kwa anthu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti banja la m'Malawi limakhala ndi anthu pafupifupi 4.4. Nyumba 70 zija ndi anthu 308, apitirira kale 250. Ndipo enawo sasiya kumwa madzi chifukwa ali kunja kwa mzere. Mudzi wonse, anthu pafupifupi 790, umakhamukira kusukulu. Muyeso wa WHO ndi UNICEF umati kupita, kudikira ndi kubwerera zisapitirire mphindi 30. Kuyenda mamita 500 n'kubwerako kumadya pafupifupi theka la nthawiyo. Ngati kudzaza chidebe chimodzi kumatenga mphindi imodzi ndi theka, zidebe 10 zimene mwazipeza zitandandalikidwa pamjigo zamaliza kale mphindi zotsalazo.

Choncho mapu akabwera ku msonkhano wa ADC, pemphani kuti pambali pa mjigo uliwonse palembedwe ngati ukugwira ntchito chaka chonse ndi chiwerengero cha mabanja otungapo, chimene komiti ya mjigo imakhala nacho m'kaundula wake wa zosonkha. Kwa mudzi wa chitsanzo chathu, manambalawo akusonyeza zinthu ziwiri zoti zilowe mu dongosolo la chitukuko cha mudzi: kukonza mjigo wa kutchalitchi, kumene kuli kotchipa kuposa kukumba, ndi mjigo watsopano wa nyumba 50 zimene zinali kunja kuyambira pachiyambi.